Masekondi atatu ndi theka: kulemba masabutaito a Chingerezi pa filimu ya Chifalansa

Chinthu choyamba chimene ndimayang'ana ndikapatsidwa filimu ya Chifalansa kuti ndiyilembere masabutaito a Chingerezi ndi wotchi. Mawu aja olembedwa m'munsi mwa chithunzi ali ndi nthawi yake yoonekera ndi nthawi yake yozimiririka, ndipo pakati pa nthawi ziwirizi woonera ayenera kuwerenga, kumvetsa, n'kubwezanso maso ake pankhope ya amene akulankhula. Womasulira buku akakumana ndi chiganizo chovuta amatha kuchitalikitsa kapena kuwonjezera ndemanga m'munsi mwa tsamba, koma filimu siima kudikira munthu, choncho chiganizo chilichonse chimakhala kuti chapimidwa kale chisanalembedwe n'komwe. Ndikufuna kuonetsa mmene muyeso umenewu umapezekera, ndi mmene munthu amasankhira zosunga ndi zosiya, pogwiritsa ntchito kachigawo kamodzi kakafupi kamene ndakalemba ndekha mongoyerekezera, kofanana ndi zimene zimapezeka kawirikawiri m'mafilimu a ku Falansa onena za mikangano ya m'banja.

Malire ake ndi ochepa ndipo munthu sachedwa kuwaloweza. Sabutaito imodzi siyenera kupitirira mizere iwiri. Utali wa mzere umawerengedwa m'zilembo, ndipo powerengapo amaphatikiza mipata ya pakati pa mawu ndi zizindikiro zonse za m'kalembedwe. Malamulo a Netflix a masabutaito a Chingerezi amalola zilembo 42 pa mzere, pamene mawayilesi a kanema a ku Britain kwa zaka zambiri ankagwiritsa ntchito 37, chifukwa mzere wa teletekisi, njira imene ankatumizira mawu olembedwa pa kanema, unali ndi malo 40 okha ndipo ena mwa malowo ankadyedwa ndi zizindikiro zosaoneka zouza makina mtundu wa zilembo. Sabutaito siyenera kukhala pagalasi kwa nthawi yochepera mafulemu 20, ndipo siyenera kupitirira masekondi 7. Fulemu ndi chimodzi mwa zithunzi zoima zimene zimatsatana mwamsanga kuti chithunzi chioneke ngati chikuyenda, ndipo filimu ya m'nyumba zoonetsera kanema imakhala ndi mafulemu 24 pa sekondi iliyonse. Pakati pa sabutaito ina ndi inzake pamasiyidwa mpata wa mafulemu awiri, kamphindi kochepetsetsa kamene kamathandiza diso kuzindikira kuti mawu asintha.

Malire amene amavutitsa kwambiri ndi liwiro la kuwerenga. Limapezeka pogawa chiwerengero cha zilembo za sabutaito ndi masekondi amene sabutaitoyo ikhale ikuoneka. Kale ku Ulaya kunali lamulo lodziwika la masekondi 6, lakuti mizere iwiri yodzaza, ya zilembo pafupifupi 36 uliwonse, iyenera kupatsidwa masekondi 6, kutanthauza zilembo pafupifupi 12 pa sekondi. Masiku ano Netflix imalola mpaka zilembo 20 pa sekondi pa mafilimu a akuluakulu m'Chingerezi ndi 17 pa mafilimu a ana. Kafukufuku wa mu 2018 woyeza kayendedwe ka maso, amene anayerekeza liwiro la 12, 16 ndi 20, anapeza kuti oonera ambiri amakwanitsa kutsatira ngakhale liwiro la 20, ndipo sindikutsutsana nazo. Komabe pa filimu ya Chifalansa ine ndimayesetsa kusapitirira 17, ndipo mpata ukakhalapo ndimakhala pafupi ndi 15. Chifukwa chake n'chakuti woonera filimu yotere khutu silimuthandiza. Zonse zimene akumva za nkhaniyo zikudzera m'maso. Ndimakumbukiranso kuti masabutaito a Chingerezi sawerengedwa ndi Angerezi okha. Ambiri amene amadalira masabutaitowa, kuphatikizapo ife a Chichewa, Chingerezi tinachiphunzira kusukulu, ndipo ngakhale tichidziwe bwino chotani, sekondi ya munthu wowerenga chinenero chachiwiri ndi yaifupi kuposa ya mwini chinenero.

Chifalansa chili ndi vuto lakelake pa nkhani ya nthawi. Akatswiri a zinenero a ku Lyon anafalitsa mu 2011 zimene anapeza poyeza liwiro la kulankhula m'zinenero zingapo, ndipo Chifalansa chinali ndi maphatikizo pafupifupi 7 pa sekondi pamene Chingerezi chinali ndi pafupifupi 6. Amene anayezedwawo anali anthu owerenga zolembedwa modekha, osati ochita sewero amene akukangana. Ubwino wake ndi wakuti Chingerezi chimakonda mawu aafupi, ndipo chiganizo cha Chifalansa chikamasuliridwa nthawi zambiri chimafupika chokha. Chinanso n'chakuti Chifalansa cholankhulidwa chimadzaza ndi timawu tongopumira monga «ben», «quoi», «tu vois», «enfin» ndi «du coup», timene timaonetsa mtima wa wolankhula koma sitipititsa nkhani patsogolo. Timawu timeneti ndi timene timayamba kuchoka malo akachepa, ngakhale kuti, monga tionere, si tonse tosafunika.

Musanamasulire mawu alionse mumayamba mwadula nthawi. Ntchito imeneyi imachitika m'mapulogalamu monga Subtitle Edit ndi Aegisub, amene ndi aulere, kapena EZTitles ndi OOONA, amene amagwiritsidwa ntchito m'makampani. Pulogalamuyo imaonetsa chithunzi cha filimu, ndipo pansi pake pamakhala mzere wa mafunde a mawu, umene umatukuka pamene munthu akulankhula n'kuphwa pamene wakhala chete. Pamzere womwewo pamaikidwa timizere toimirira toonetsa malo onse amene chithunzi chadulidwa, ndiye kuti pamene kamera yachoka pa munthu wina n'kupita pa wina. Sabutaito imayenera kulowa pa fulemu imene mawu ayambira, kapena mafulemu amodzi kapena awiri pafupi ndi pamenepo, ndipo imatha kutsalira pafupifupi theka la sekondi mawu atatha ngati palibe choiletsa. Choiletsa chachikulu ndi kudulidwa kwa chithunzi kuja.

Tsopano tiyeni tilowe m'khitchini. Bambo amwalira miyezi ingapo yapitayo, ndipo mwana wawo wamkazi wangomva kumene kuti mlongo wake, amene ndi wamng'ono kwa iye, wagulitsa nyumba ya makolo. Kamera ili pankhope ya mkaziyo pamene akunena mwaukali kuti:

```
Non mais attends, tu vas quand même pas me dire
que t'as vendu la maison de papa sans même m'en parler ?
```

Mawu akuyamba pa mphindi 14 ndi masekondi 8 ndendende, ndipo akutha patapita masekondi 3 ndi mafulemu 6. Pakadapanda china chilichonse, ndikadaisiya sabutaito kwa mafulemu ena 12 kuti woonera amalize kuwerenga mosathamanga. Koma patangopita mafulemu 8 mkaziyo atatseka pakamwa, chithunzi chikudulidwa n'kupita pa mlongo wake. Lamulo ndi lakuti sabutaito ichoke mafulemu awiri chithunzi chisanadulidwe, choncho yanga ikhala pagalasi masekondi 3 ndi mafulemu 12, ndiwo masekondi atatu ndi theka. Tikachulukitsa 3.5 ndi 17 tipeza zilembo 59. Tikafuna liwiro la 15 tipeza 52. Umenewu ndiye muyeso wa chiganizo changa, ndipo uli ngati nsalu imene telala wapatsidwa itadulidwa kale m'sitolo.

Chifukwa chopewera kudutsa podulidwa chithunzi n'choyenera kuchimvetsa bwino, popeza ambiri amalitsatira lamuloli mwachimbulimbuli. Kale anthu a ntchitoyi ankakhulupirira kuti chithunzi chikasintha mawu akadali pomwepo, diso limaganiza kuti mawunso asintha, n'kuyambiranso kuwerenga kuchokera pachiyambi. Ofufuza a ku Warsaw atayeza maso a oonera mu 2013 anapeza kuti kuwerenga kachiwiriko sikuchitika kwambiri monga anthu ankaganizira, koma maso amadumphadumpha kwambiri pakati pa mawu ndi chithunzi. Kudumphako kumadya nthawi ndipo kumatopetsa. Kwa ine pali chifukwa china chachikulu kuposa chimenechi pa khitchini yathuyi: mawu a mkazi atapachikika pansi pa nkhope ya mwamuna amaoneka kwa kamphindi ngati ndi mwamunayo amene akuwanena. Wokonza filimu anadula chithunzi pamalo amenewo mwadala, kuti tione mmene mawuwo amulasira mlongoyo, ndipo sabutaito ikachoka pa nthawi yake imamusiyira woonera maso omasuka kuti aone zimenezo.

Kumasulira kotsata liwu ndi liwu kumatipatsa ichi:

```
No, wait, you're not seriously going to tell me that you
sold Dad's house without even talking to me about it?
```

Izi ndi zilembo 110. Sizingakwane n'komwe m'mizere iwiri ya zilembo 42, ndipo zikadakwana, woonera akadayenera kuwerenga zilembo zoposa 31 pa sekondi. Pafupifupi theka la mawuwa liyenera kuchoka, ndipo apa ndi pamene ntchito yeniyeni ili. Njira imene ndimatsata ndi yodzifunsa pa liwu lililonse ngati woonera angalipeze kwina. Ukali wa mkaziyo ukumveka m'mawu ake ndipo ukuoneka pankhope; palibe chifukwa choulembanso. Kusakhulupirira kwake, kumene m'Chifalansa kwanyamulidwa ndi «tu vas quand même pas me dire», kungathe kunyamulidwa ndi chizindikiro cha funso chokha. Zimene woonera sangazipeze kwina kulikonse ndi zitatu: nyumba yagulitsidwa, nyumbayo inali ya bambo awo, ndipo mkaziyo sanauzidwe.

Ndikasunga zitatuzi zokha ndimapeza chiganizo cha zilembo 40, chokwana pa mzere umodzi, chowerengeka pa liwiro la zilembo 11 pa sekondi:

```
You sold Dad's house without telling me?
```

Pulogalamu siingadandaule nacho, ndipo womasulira wothamangira kumaliza angachisiye choncho. Ine sindingachisiye, chifukwa chafupika kupyola pamene panafunika. Ndinali ndi malo a zilembo 52 ndipo ndagwiritsa ntchito 40, ndiye kuti ndataya zinthu zimene ndikadatha kusunga. Choyamba chimene ndimabweza ndi «même», kaliwu kamene m'Chingerezi ndi "even". Popanda kaliwu kameneka mkaziyo akungofunsa ngati zachitikadi. Kakakhalapo, akunena kuti ngakhale chinthu chochepetsetsa chimene mlongo angachitire mlongo wake, chongomuuza chabe, sichinachitike, ndipo kuwawa kwa chigawo chonsechi kuli pamenepo. Chachiwiri ndi «attends», chimene ndimachibweza chifukwa cha khutu: woonera akumva mkaziyo akuyamba ndi timawu todukaduka asanalowe m'chiganizo chachitali, ndipo sabutaito yoyamba ndi "Wait" imagwirizana ndi kamvekedwe kameneko. Zotsatira zake ndi zilembo 50, liwiro la 14 pa sekondi.

```
Wait, you sold Dad's house
without even telling me?
```

Pamene mzere wathyokera si pongochitika mwangozi. Diso limawerenga mzere woyamba ngati chinthu chathunthu, ndiye mzerewo uyenera kuthera pamene ganizo lapumira. Kuthyola pakati pa "Dad's" ndi "house" kungamusiye woonera akudikira kuti adziwe kuti cha bambo n'chiyani, ndipo kusiya "without" lokha kumapeto kwa mzere wapamwamba kungachitenso chimodzimodzi. Pano mzere woyamba ukunena chimene chinachitika, wachiwiri ukunena chimene chinapweteka. Ena angafune kuchotsa "Dad's" n'kulemba "the" kuti apulumutse zilembo ziwiri, koma «papa» ndi liwu limene aliyense amalimva ngakhale sadziwa Chifalansa, ndipo woonera akamva liwu limene akulidziwa koma osalipeza m'munsimo amayamba kukayikira masabutaito onse. Mayina a anthu, manambala ndi mawu ofanana m'zinenero ziwirizi ndimawasunga pa chifukwa chomwechi, ngakhale malo atachepa.

Mlongo uja akuyankha ndi timawu tiwiri, «Ben si», kenako akukhala chete pafupifupi sekondi imodzi asanayambe kudziteteza. Akuyamba kulankhula patapita mafulemu 5 chithunzi chitadulidwa. Mawu akayamba mkati mwa theka la sekondi chithunzi chitangosintha, sabutaito imakokedwa kuti ilowe pa fulemu yeniyeni yodulira, kuti chithunzi chatsopano ndi mawu atsopano zifike limodzi m'malo mophethira kawiri motsatizana. Pa kumasulira kwake, «si» ndi yankho lovomera limene Afalansa amapereka potsutsa funso lokana, ndipo Chingerezi chilibe liwu lotero. Ndikadamasulira funso la mkaziyo moyamba ndi "Don't tell me", yankho la "Yes" likadasokoneza, chifukwa silikadadziwika ngati akuvomera kuti asanene kapena kuti anagulitsa. "I did" silisiya chikayiko ndipo lili ndi kuuma mtima kofanana ndi kwa Chifalansacho. Apa tikuona kuti sabutaito siimasuliridwa payokha, popeza mmene mwalembera funso ndi mmene mwamangira yankho.

Timawu tiwiriti timatenga nthawi yochepera pa mafulemu 20 aja kuti tinenedwe, choncho sabutaitoyo ndimaitalikitsa mpaka sekondi imodzi ndi mafulemu 4, kuti isangophethira n'kuzimiririka. Pali chiyeso choiphatikiza ndi chiganizo chotsatira kuti zonse zikhale sabutaito imodzi yokhala ndi nthawi yokwanira. Chiyeso chimenechi n'choyenera kuchikana. Kukhala chete kwa mnyamatayo ndi mbali ya sewero, ndipo woonera akawerenga zifukwa zake iye asanazinene, ndiye kuti wochita seweroyo walandidwa sekondi imene anaigwirira ntchito. N'chimodzimodzi ndi nthabwala kapena chinsinsi chimene chikuululidwa: woonera wa Chingerezi sayenera kuseka kapena kudzidzimuka Mfalansa amene wakhala naye pafupi asanamve n'komwe mawuwo.

Kenako mnyamatayo akukhuthula zonse mopanda kupuma:

```
Le notaire attendait, fallait signer avant vendredi,
tu répondais pas, je fais quoi, moi ?
```

Sabutaito iyi ili ndi masekondi 4, ndiwo malo a zilembo 68 pa liwiro la 17. Muli mfundo zinayi, ndipo zonse sizingalowe. «Notaire» ndi mkulu wa zamalamulo wovomerezeka ndi boma amene ku Falansa kugulitsa nyumba ndi kugawa chuma cha masiye kumadzera m'manja mwake. Ku England ntchito yofanana ndi imeneyi imagwiridwa ndi munthu wotchedwa "solicitor", liwu la zilembo 9 limene Amereka sangalimve chimodzimodzi, pamene "notary" kwa Amereka ndi munthu wa udindo wochepa kwambiri, wongochitira umboni masiginecha. Popeza mfundo yakuti mkuluyo ankadikira ndi mfundo yakuti panafunika kusaina lisanafike Lachisanu zikunena chinthu chimodzi, chakuti nthawi inali itatha, ndimasunga ya Lachisanu n'kusiya inayo. Koma chisankho chimenechi chimadalira filimu yonse. Ngati mkuluyo adzaonekere patsogolo, kapena ngati nkhani idzatembenukire pa iye, ndiye kuti ayenera kutchulidwa pano ndipo china chichoke m'malo mwake. N'chifukwa chake sindiyamba kulemba ndisanaonere filimu yonse mpaka kumapeto, ndipo ndimaona kuti chizolowezi chogawira omasulira angapo zigawo za filimu imodzi kuti ithe msanga chimawononga ntchito pamalo ngati amenewa.

Masabutaito atatuwa akalembedwa mu fayilo ya SRT, imene imawerenga nthawi m'magawo 1,000 a sekondi m'malo mwa mafulemu, amaoneka chonchi:

```
212
00:14:08,000 --> 00:14:11,500
Wait, you sold Dad's house
without even telling me?

213
00:14:11,583 --> 00:14:12,750
I did.

214
00:14:13,500 --> 00:14:17,500
It had to be signed by Friday.
You never answered. What could I do?
```

Yachitatuyo ili ndi zilembo 66, liwiro la 16.5, pafupi kwambiri ndi malire. Poyamba munthu angalembe "You weren't answering", chimene chikutsata bwino Chifalansa, koma chimakweza zilembo kufika pa 69 ndipo liwiro limadutsa 17. Kusiyana kwa zilembo zitatu kotereku ndi kumene womasulira amakhala akulimbana nako tsiku lonse.

Chiganizo chomaliza cha mkaziyo ndi chachifupi kwambiri, koma ndi chimene chimandiima pakhosi. Akutenga chikwama chake n'kunena kuti «Je vous laisse». Chigawo chonsechi wakhala akumutchula mlongo wake kuti «tu», ndiye "iwe", ndipo tsopano wasintha n'kunena «vous», ndiye "inu". Wowerenga wa Chichewa safunika kumufotokozera zambiri. Tonse tikudziwa mmene zimamvekera mkulu wako amene wakhala akukuuza kuti "iwe" kuyambira uli mwana akatembenuka tsiku lina n'kunena kuti "chabwino, chitani zimene mukufuna". Ulemu woterewu umapweteka kuposa chitonzo, chifukwa ukukuuza kuti tsopano wasanduka mlendo. Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha, ndipo sabutaito yakuti "I'll leave you to it" ingakhale yolondola pa tanthauzo koma mpeni wonse utachotsedwamo.

Palibe malo ofotokozera, ndiye kuzizirako kuyenera kusamutsidwira kwina. Akadawonjezera «monsieur» ntchito ikadapepuka, chifukwa "sir" ndi zilembo zitatu zokha ndipo woonera akadamva liwulo ndi khutu lake. Popeza sanatero, ndimakweza kalankhulidwe ka chiganizo chonse n'kulemba "I shall take my leave", mawu a zilembo 22 amene Mngerezi sangawanene kwa mng'ono wake m'khitchini pokhapokha akufuna kumutalikira. Koma njira imeneyi imagwira ntchito pokhapokha ngati masabutaito onse am'mbuyo a mkaziyo analembedwa m'Chingerezi chomasuka cha pakhomo, chokhala ndi mawu ofupikitsidwa monga "don't" ndi "you're". Ngati ndinamulankhulitsa mwaulemu kuyambira pachiyambi, kusinthako sikungaoneke. Vuto lotembenuza limapezekanso kawirikawiri, pamene anthu awiri amene amalemekezana agwirizana zoyamba kutchulana «tu». Omasulira ambiri amalemba kuti wina wapempha kuti azitchulidwa dzina lake loyamba, ndipo zimayenda, malinga ngati dzinalo silinamveke kale m'kamwa mwa mnzakeyo.

Pali zolakwika zina zimene sizichokera m'chinenero, ndipo n'zosavuta kuzizindikira mukadziwa chizindikiro chake. Masabutaito akakhala kuti akuchedwa kapena akufulumira ndi nthawi yofanana kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, ndiye kuti filimu imene mukuonera ili ndi kachidutswa koyambirira kamene kanalibe pa imene munagwirira ntchito, monga chizindikiro cha kampani, ndipo kungosuntha masabutaito onse pamodzi kumathetsa vutolo. Koma akayamba bwino n'kumataya nthawi pang'onopang'ono, vuto lili pa chiwerengero cha mafulemu. Wayilesi ya kanema ya ku Falansa, monga ya ku Ulaya konse, imayenda pa mafulemu 25, ndipo filimu ya mafulemu 24 ikamaonetsedwa kumeneko imathamangitsidwa pang'ono, moti ya mphindi 90 imatha m'mphindi 86 ndi masekondi 24. Masabutaito odulidwa pa 25 akaikidwa pa filimu ya 24 amatsogola ndi masekondi pafupifupi awiri ndi theka pa mphindi iliyonse, ndipo pakatha mphindi 10 palibenso chogwirizana. Kusiyana kwa 24 ndi 23.976 n'kobisika kwambiri, masekondi 3.6 pa ola, moti pachiyambi sikuoneka, koma kumapeto kwa filimu yankho limakhala likuonekera funso lisanathe, ndipo kusamala konse kwa mafulemu awiri aja kumakhala kwapita m'madzi.

Zonse zikalembedwa pamatsala kuonera. Ku Falansa makampani a masabutaito ali ndi mwambo woti womasulira akhale pansi ndi munthu wina, nthawi zina wokonza filimu mwini wake, n'kuonera filimu yonse masabutaito ali pomwepo, akuima ndi kukonza paliponse pamene pakhumudwitsa. Mwambo umenewu unali wofunika kwambiri m'masiku amene masabutaito ankawotchedwa pa filimu yeniyeniyo, poyamba ndi mankhwala ndipo kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuwala kwa leza, pakuti cholakwika chikalowa sichinkafufutika. Lero fayilo imakonzeka m'kamphindi, koma kuonerako sikunathe ntchito, chifukwa manambala obiriwira a mu pulogalamu amangonena kuti malamulo atsatidwa.

Womasulira sangathe kudziyesa yekha, popeza mawuwo akuwadziwa kale ndipo amawawerenga mofulumira kuposa wina aliyense. Ndimapempha munthu wosadziwa Chifalansa kuti aonere chigawocho kamodzi kokha, osaimitsa, kenako ndimamufunsa za chithunzi m'malo momufunsa za mawu: mnyamatayo anachita chiyani ndi manja ake, mkaziyo anayang'ana kuti. Akalephera kuyankha ndiye kuti maso ake anatsekeredwa m'munsi mwa galasi. Pa khitchini yathuyi, malo amene angagwe pa mayeso amenewa ndi sabutaito 214, ya ziganizo zitatu m'masekondi 4. Ngati wochita seweroyo akutambasula manja ndi kukweza mapewa pamene akunena «je fais quoi, moi», ndiye kuti funsolo thupi lake lalifunsa kale, ndipo "What could I do?" ingathe kuchoka. Pamatsala zilembo 49, liwiro limatsika kufika pa 12, ndipo woonera amapeza pafupifupi sekondi yathunthu yoyang'ana mapewawo. Ngati wochita seweroyo waima chilili osagwedezeka, funsolo liyenera kukhalabe, ndipo chofupikitsidwa chikhale chiganizo cha Lachisanu.